Sarudzai ndi Mawu Okanirira Pakhosi

Amene ankamudziwa Sarudzai kukhitchini sakanakhulupirira kuti mayiyu ankaopa kuyankhula. Akakhala ndi anzake awiri atatu, akusenda mbatata kapena kuchapa, ankatha kukamba nkhani ya dalaivala wa takisi mpaka anzakewo kugwira nthiti. Akapsa mtima, mwamuna wake Desmond ankangovala jekete lake la ulonda n'kunyamuka nthawi ya ntchito isanakwane. Koma anthu akachuluka, atakhala m'mipando moyang'ana kutsogolo, wina n'kunena kuti tsopano timve kwa mayi a Kudzai, Sarudzai ankasanduka munthu wina. Mtima unkagunda mpaka kumveka m'makutu. Malovu ankauma, lilime n'kulemera. Mawondo ankagwedera, m'manja muli thukuta lokhalokha, ndipo zonse zimene anakonza kunena zinkabalalika. Chimene chinkamuwawa kwambiri n'chakuti akangokhala pansi mawu aja ankabwerera onse, olongosoka bwino, nthawi yake itadutsa.

Anabadwira ku Zimbabwe, m'komboni ya mgodi wina kufupi ndi Kadoma. Bambo ake, a Malizani, anachoka ku Dedza ali mnyamata kukafuna ntchito, ndipo sanabwererenso kwawo. M'nyumba ankayankhula Chichewa, panja Chishona. Ali sitandade yoyambirira, mphunzitsi anamuimika kutsogolo kuti atchule dzina lake, iye n'kulitchula mmene amayi ake ankalitchulira, lilime la Chichewa litafewetsa pamene Mshona amakhwimitsa. Kalasi yonse inaseka, ndipo chaka chonsecho anzake ankamuitana motsanzira katchulidwe kaja. Chishona anadzachidziwa bwino kuposa ambiri mwa osekawo, koma kuimirira pagulu sanakuzolowerenso.

Ku Durban anafika mu 2008, masitolo a ku Zimbabwe atauma. Anabwera ndi Desmond, mwana wawo Kudzai ali kumbuyo, komanso Blessmore, mlongo wake wa Sarudzaiyo. Chaka chimenecho alendo ochokera m'mayiko ena anathamangitsidwa m'madera ambiri a dzikolo, choncho phunziro loyamba limene Sarudzai analandira linali lotseka pakamwa. Foni ikalira m'takisi ankaisiya ilire mpaka ileke. Anapeza ntchito ya m'nyumba ku Glenwood, Desmond n'kupeza ya ulonda dera lomwelo, ndipo anapeza kachipinda kuseri kwa nyumba ya mayi Lena, Mzulu wamasiye, m'mphepete mwa Phoenix. Chizulu anachitola msanga. Patangopita zaka zochepa ankatha kukangana ndi wogulitsa kabichi popanda wogulitsayo kudziwa kuti akukangana ndi mlendo, pokhapokha atatchera khutu kwambiri.

Mu 2012 Blessmore anamwalira atadwala chifuwa kwa nthawi yaitali. Wachibale yekhayo amene analipo anali Sarudzai, choncho abusa anamuuza kuti ndiye adzanene mbiri ya malemuyo m'tchalitchi. Anaikonza bwino mbiriyo. Ankafuna kunena mmene Blessmore ankamuperekezera kusukulu, mmene ankakonzera mawailesi a anthu osalandira kanthu, mmene anasenzera Kudzai powoloka malire. Nthawi itakwana anaimirira, n'kuona maso onse aja ali pa iye. Khosi linatsekeka. Anatsegula pakamwa, mpweya wokha n'kutuluka. Anthu ankaganiza kuti ndi chisoni, amayi n'kuyambitsa nyimbo kuti amubise, ndipo mkulu wina wa mpingo, amene sankamudziwa n'komwe Blessmore, ananena kuti malemuwa anali munthu wabwino wokonda mapemphero. Blessmore ankalowa m'tchalitchi pa Khirisimasi pokha.

Sarudzai sanadzikhululukire. Chisoni chinalipo, inde, koma iye ankadziwa kuti chimene chinamutseka pakhosi chinali chomwe chija cha kusukulu. Kuyambira pamenepo ankakana chilichonse chofuna kuima kutsogolo. Atamusankha kukhala mlembi wa amayi kumpingo anakana. Kudzai atalandira mphoto kusukulu, makolo n'kuitanidwa kuti anenepo mawu, Sarudzai anakankha Desmond ndi chigongono.

Mu Epulo 2015 chipwirikiti chinabukanso, ulendo uno mu Durban momwemo. Madzulo ena mayi Lena anagogoda pachitseko n'kuwauza kuti anyamata akubwera mumsewu wawo, atenge zimene angathe. Anathawira kupolisi, ndipo m'mawa mwake anawatengera kumsasa wa matenti pabwalo lina lamasewera. Munali anthu a mayiko osiyanasiyana, ambiri a ku Malawi. Posapita nthawi kunayamba kubwera mabasi otenga ofuna kubwerera kwawo. Anthu ankafola ndi zikwama zawo, ena akulira, ena akuimba. Sarudzai ankangowayang'ana. Ku Malawi anali asanapondeko chibadwire, ndipo ku Dedza sankadziwa ngakhale dzina la mudzi. Ku Zimbabwe mgodi uja unali utatsekedwa, makolo onse awiri atamwalira. Kwawo kunali kachipinda kaja ka kuseri kwa mayi Lena.

Mumsasamo pakamwa pake sipanapume. Ankadandaula za mabulangete, za zimbudzi, za mzere wa chakudya umene amuna ankadumpha, ndipo amayi a m'tenti yake ankamukonda chifukwa ankanena zimene iwo ankangozisunga mumtima. Ndiye uthenga utabwera woti Loweruka kudzakhala msonkhano kuholo ya dera lawo, pomwe eni dera adzakambirane zolola alendo kubwerera m'nyumba zawo, komanso kuti otsala mumsasa asankhe mwamuna mmodzi ndi mayi mmodzi odzawayankhulira, amayiwo sanataye nthawi.

"Mayi a Kudzai ndi amene apite," anatero Hadijah, mayi wa ku Mangochi amene ankagona pafupi naye. "Chizulu amachitha, dera amalidziwa, pakamwa ndiye tonse tapamva."

"Ine ayi. Sankhani wina."

"Wina ndani? Ine Chizulu changa n'chogulira tomato. Enawa abwera chaka chatha. Inu mwakhala mukutisokosera muno, lero tikukupemphani kuti mukasokosere oyenera mukuti ayi?"

Amayi onse anaseka n'kuwomba m'manja, nkhani n'kuthera pomwepo. Sarudzai anatuluka m'tenti. Loweruka linali lidakali kutali, koma mtima unali utayamba kale kuthamanga ngati kuti amuitana.

Desmond atamva anangoti, "Chovuta n'chiyani pamenepa? Mungoyankhula mmene mumandiyankhulira ine."

"Bambo a Kudzai, munalipo pamaliro a Blessmore."

"Aja anali maliro. Ingolimbani mtima. Musaziganizire."

"Ndikanakhala kuti ndimatha kusaziganizira, bwenzi ndikukufunsani inu?"

Aliyense anali ndi malangizo ake. Wina anati apemphere, ngati kuti sankapemphera. Wina anati ayang'ane kudenga, asaone nkhope za anthu. Mnyamata wina wa ku Harare anati amwe kakachasu pang'ono, Sarudzai n'kumufunsa ngati akufuna kuti Azulu akanene kuti alendo atumiza chidakwa. Hadijah anati ayesere pamaso pa amayi a m'tenti, ndipo Desmond, pofuna kuthandiza, anamubweretsera khofi wakuda bii kuti amupatse mphamvu. Anamwa makapu awiri. Amayi atakhala pamatiresi n'kumuyang'ana, manja ake ankanjenjemera moti pepala limene analembapo mfundo linkalira phwephwephwe. Anapereka moni wa Chizulu, "Sanibonani," amayi n'kuvomera kuti yebo, basi. Chizulu chinathawa, Chingerezi chinathawa, ngakhale Chichewa chimene. Amayi omwewo amene ankawaseketsa m'mawa, tsopano ankaoneka ngati oweruza. Anakwinya pepala lija n'kutuluka.

Anapita kuseri kwa tenti yophikira kuti asaonedwe akulira. Kumeneko anapeza munthu ali kale. Anali Che Mahmoud, mwamuna amene anasankhidwa kudzayankhulira abambo. Ankagwira ntchito m'sitolo ya nsalu ku Overport, ndipo a ku Malawi ambiri ankamudziwa chifukwa ndiye ankayendetsa mwambo pamaukwati awo. Mumsasamo ndiye ankagwira chimkuzamawu polengeza za mabasi ndi chakudya. Sarudzai ankamuchitira nsanje bamboyu, poona mmene mawu ankamutsetserekera. Koma apa anamupeza atatsamira mgolo wa madzi, maso ali chitsinzire, akukutumula manja ngati munthu wosamba wopanda thaulo, kenako n'kumatulutsa mpweya pang'onopang'ono milomo ataisongola.

"Mwadwala, achimwene?"

Bamboyo anatsegula maso, n'kuseka mwamanyazi. "Ayi, achemwali. Ndikukalengeza kuti basi ya lero sibwera. Taonani." Anatambasula dzanja. Zala zinkanjenjemera.

"Inu? Inu amene mumaimiritsa ukwati wonse?"

"Ukwati uliwonse ndimayamba ndapita kuchimbudzi kawiri. Akazi anga anazolowera." Anatenga chimkuzamawu n'kupita. Sarudzai anamumva akulengeza, mawu ali phee ngati munthu wouza mnzake za nyengo, anthu akung'ung'udza, iye n'kuwaseketsa pang'ono. Atabwerera anamupeza Sarudzai adakali pomwepo.

"Ndiye zimatha liti?" anafunsa Sarudzai.

"Kunjenjemerako? Kwa ine sikunathe. Kumachepa, ndipo ndikayamba kuyankhula kumatsika kokha. Povuta ndi podikira paja, ndi mawu oyambirira. Mukadutsa pamenepo thupi limaona kuti palibe wakulumani."

Yankho limeneli linamukhumudwitsa Sarudzai. Ankafuna mankhwala, osati kuuzidwa kuti matendawa n'ngokhalitsa. Komabe anamufotokozera za khofi ndi pepala. Che Mahmoud anapukusa mutu.

"Khofi ndiye munathira palafini pamoto. Mtima ukuthamanga kale, inu n'kuupatsanso chouthamangitsa. Loweruka mudzamwe madzi, mudzadyeko pang'ono. Pepala lopyapyala musadzagwire, limaulula. Tapumani ndione."

Sarudzai anakoka mpweya wambiri, mapewa n'kukwera mpaka m'makutu.

"Ndi zimenezo. Munthu wamantha amangokoka, kukoka, kukoka, osatulutsa, mpaka mutu kuchita chizungulire. Yambani n'kutulutsa. Tulutsani pang'onopang'ono ngati mukuuzira phala la mwana, mpaka uthe. Wolowa ulowe wokha, m'mphuno, utsikire kumimba. Wotuluka uzitalika kuposa wolowa. Pamenepo mtima umabweza liwiro pang'ono. Mapewa tsitsani. Nsagwada mwalumanitsa, masulani. Mawondo musawaumitse, mukawaumitsa m'pamene amagwedera kwambiri."

Anayesa. Ulendo woyamba sanamve kusintha kulikonse ndipo anamuuza choncho. Atapitiriza kwa kanthawi anamva kuti chifuwa chamasuka pang'ono, pang'ono chabe, ngati lamba amene wabwezedwa bowo limodzi.

"Koma mantha adakalipo," anatero mokwiya.

"Adzakhalapo. Ndikufunseni, achemwali. Dzulo munkakalipira anyamata aja odumpha mzere. Msasa wonse unakumvani. Mtima wanu unali bwanji?"

"Unkagunda."

"Manja?"

Sarudzai anaganiza. "Ankanjenjemera. Mbale inatsala pang'ono kugwa."

"Thukuta?"

"Nanga munthu wopsa mtima sachita thukuta?"

"Ndiye thupi lomwelo, kugunda komweko, kunjenjemera komweko. Dzulo munakutcha kupsa mtima, mawu n'kumatuluka okha. Lero mwakutcha mantha, mawu n'kuthawa. Thupi likaona kuti kutsogoloku kuli chinthu chachikulu limakutumizirani mphamvu. Silidziwa ngati mukuthawa galu kapena mukuthamangira takisi. Mukamaliuza kuti khala chete, khala chete, silimva, ndiye mumayamba kuopa kuti bwanji silikumva, mantha n'kukhala awiri. Ine ndinasiya kulimbana nalo. Likayamba ndimati, eya, mphamvu zanga zafika, tiyeni tikagwire ntchito."

"Ndiye ndizidzinamiza ndekha?"

"Bodza lili pati? Mtima sukuthamanga? Nkhaniyi simukuifuna?"

Kwa Sarudzai zinkamveka zopepuka kwambiri moti zinkamunyansa. Zaka zonsezi akuvutika, mlongo wake n'kuikidwa ndi mbiri yabodza, ndiye munthu n'kumuuza kuti angosintha dzina la chinthucho.

Komabe analibe njira ina. Che Mahmoud anamuuza kuti asaloweze zonse, chifukwa woloweza akaphonya liwu limodzi zonse zimagwa. Aloweze chiganizo choyamba chokha mpaka chizituluka ngakhale mutu utaima, zotsalazo azingodziwa kuti akuchoka pati kupita pati. Ayesere mokweza, ataimirira, pamaso pa anthu, kuyambira ndi ochepa. Anayamba ndi Hadijah yekha kuseri kwa tenti, ndipo zinayenda. Atawonjezera amayi ena awiri anakakamira pakati, n'kutukwana m'Chishona, n'kuyambiranso. Tsiku lotsatira anayesa pamaso pa tenti yonse. Anauzira phala lake losaoneka lija, n'kunena chamumtima kuti mphamvu zafika, koma mawuwo ankamveka ngati a munthu wina. Anafika pakati, mwana wina n'kulira, mfundo n'kuthawa. Anaima nthawi imene kwa iye inali ngati chaka.

"Ndalepheranso," anatero atakhala pansi.

"Mwalephera pati?" anafunsa Hadijah. "Munangopuma pang'ono. Ine ndimayesa mukufuna kuti mawu atilowe."

"Simunaone miyendo?"

"Miyendo ili m'chitenje, ndiione bwanji?"

Izi nazo zinamukwiyitsa, kuti munthu angafe chiimire anzake osaona kanthu. Koma anazisunga.

Loweruka iye ndi Che Mahmoud, pamodzi ndi Hadijah ndi Desmond, anawatenga pagalimoto ya apolisi kupita kuholo. Anauzidwa kuti msonkhano uyamba m'mawa, koma unayamba dzuwa litapendeka, chifukwa akuluakulu anachedwa. Nthawi yonseyo Sarudzai anakhala pampando wapulasitiki pafupi ndi khoma, thupi likukwera n'kutsika. Chitseko chikatseguka mtima unkalumpha, akaona kuti si iwo unkabwerera. Anapita kuchimbudzi, n'kukutumula manja mmene anaonera kwa Che Mahmoud, n'kuyendayenda pang'ono kuti miyendo ipeze chochita. Anthu anadzaza holo. Ena ankawadziwa: wogulitsa kabichi uja, mayi wina wamasiye amene Sarudzai anakamuthandiza kuphika pamaliro a mwamuna wake, anyamata awiri amene Hadijah anati anawaona atasenza firiji ya munthu. Mayi Lena anakhala chapakati, atavala duku lobiriwira.

Anayankhula abusa, anayankhula mkulu wa apolisi, anayankhula munthu wa ku boma amene anatenga nthawi yaitali kuthokoza anzake a patebulo. Kenako eni dera anapatsidwa mpata, ndipo mawu ena anali olasa: alendo atilanda ntchito, alendo amagulitsa mankhwala ozunguza bongo, apite kwawo. Ena anawatsutsa. Che Mahmoud anayankhula m'Chingerezi, mofatsa, ndipo anthu anamumvera mwaulemu wozizira. Atatha, wapampando anayang'ana wotchi yake n'kunena kuti nthawi yatha kwambiri, mayi wa alendo anene mwachidule.

Sarudzai anamva ngati wamenyedwa chibakera pamtima. M'makutu munalira. Poimirira mpando unagwa kumbuyo kwake, anthu ena n'kuseka. Mtunda wochoka pakhoma kufika kutsogolo unali waufupi, koma anaumva kutalika. Ali m'njira anatulutsa mpweya wonse pang'onopang'ono, n'kulola wina kulowa wokha. Mtima sunamvere. Unkagundabe ngati ukufuna kutuluka. Ndiye m'malo moupempha kuti ukhale chete, anauuza mokalipa, m'Chichewa, chamumtima: chabwino, thamanga, ndikufuna mphamvu zakozo, anthu awa andimve. Anaponda pansi ndi mapazi onse awiri, n'kufewetsa mawondo.

Maikolofoni analira mokweza kenako n'kuzima. Mnyamata wa zokuzira mawu anawagogoda, osatheka.

"Sanibonani," anatero Sarudzai popanda maikolofoni. Mawu anatuluka opyapyala, onjenjemera.

"Asizwa," anakuwa wina kumbuyo, kutanthauza kuti sakumva.

M'kamwa munali mouma. Anamwa madzi a m'botolo limene Hadijah anamugwiritsa, akudziwa kuti holo yonse ikuona botololo likugwedera. Anafufuza duku lobiriwira, n'kulipeza. Mayi Lena anagwedeza mutu n'kunena mokweza, "Khuluma, sisi." Yankhula.

Chiganizo choyamba chinatuluka chokha, m'Chizulu, mmene anachilowezera: "Dzina langa ndine Sarudzai, ndimakhala kuseri kwa mayi Lena, ndipo ambiri a inu mwadyapo chakudya chophika ine." Mawu ananjenjemera mpaka pakati, kenako anagwira. Chachiwiri chinakwera kuposa choyamba. Anamva kutentha kuja kumene kunkamufooketsa kukukwera kuchokera m'mimba n'kukankha mawu, ngati mmene zinkachitikira pamzere wa chakudya. Ananena kuti mabasi atenga amene ali ndi kwawo, ndipo amene atsala ndi amene kwawo n'kuno. Ananena kuti mwana wake amalota m'Chizulu, ndipo yunifolomu yake ili m'chipinda chimene sakuloledwa kulowamo. Analoza mayi uja amene anakamuthandiza kuphika n'kumufunsa ngati pamaliro paja anafunsa pasipoti ya munthu amene ankasenda anyezi. Ena anaseka, kuseka kwina tsopano, ndipo mayiyo anayang'ana pansi.

Kenako mutu unaima. Panali mfundo ina, yaikulu, imene amayi a m'tenti anamutuma, ndipo inasowa. Anaona ngati mdima ukubwera. Anatulutsa mpweya pang'onopang'ono, holo ili chete, n'kudikira. Mfundoyo sinabwere. Wapampando anagogoda patebulo ndi cholembera.

"Ngiyabonga," anathokoza Sarudzai, n'kubwerera pakhoma. Ena anawomba m'manja, ena ayi. Atangodzutsa mpando wake n'kukhala, mfundo ija inafika yonse: ndani adzawateteza usiku akabwerera, apolisi akadzapita. Inali nkhani imene amayi ankaiopa kuposa zonse. Anakweza dzanja, koma wapampando anali atayamba kale kutseka. Anati nkhaniyi ndi yaikulu, isiyidwe m'manja mwa komiti imene idzaitanitse msonkhano wina.

Panja miyendo inayamba kunjenjemera kuposa poyamba, moti anakhala pamasitepe. Che Mahmoud anati zimatero, ndi zotsala za mphamvu zija zikutuluka.

"Mwayankhula bwino, achemwali."

"Ndasiya chenicheni."

"Aliyense amasiya china. Amene akudziwa ndinu nokha."

"Ndi amayi onse a m'tenti. Ndikawauza chiyani?"

Hadijah sanamubisire. Anati zoonadi za chitetezo zinafunika kunenedwa, koma akanakhala iye mwini Hadijahyo, sakanatha ngakhale kudzuka pampando. Desmond anati Sarudzai sankaoneka wamantha ngakhale pang'ono, ndipo sanamvetse chifukwa chake mkazi wake anamuyang'ana ngati wamutukwana.

Komiti sinawathandize msanga. Chimene chinachitika n'chakuti mayi Lena, pamodzi ndi mayi wamasiye uja ndi amuna angapo a mumsewu wawo, anabwera okha kumsasa patapita masiku n'kunena kuti a mumsewu umenewo abwerere, iwo adzayang'anira. A misewu ina anatsala. Hadijah anadikira mpaka anatopa, n'kukwera basi yopita ku Malawi. Sarudzai anapeza chitseko chothyoka, sitovu ndi matiresi palibe, khoma lina lakuda ndi utsi pomwe wina anayesa kuyatsa makatani. Anabwerera kuntchito ku Glenwood, Kudzai n'kubwerera kusukulu.

Msonkhano wachiwiri unaitanidwa nyengo yozizira italowa, ndipo otsala mumisewu ina anamutumira uthenga kuti akawayankhulirenso. Anafuna kukana. Anakhala masiku angapo akukangana ndi Desmond pa zinthu zopanda pake, kenako anavomera, chifukwa mfundo ija inkamudya. Anayesera pamaso pa mayi Lena ndi anzawo a kutchalitchi. Ulendo uno anaika za chitetezo poyambirira penipeni. M'mawa wa tsikulo m'mimba munapotokola monga kale, manja anazizira monga kale, ndipo anakwiya kuona kuti kuyankhula kamodzi kuja sikunamuchiritse. Koma ankadziwa tsopano chochita nazo. Anamwa madzi, anadya buledi, anauzira mpweya wake m'takisi mpaka mayi woyandikana naye anamufunsa ngati ali woyembekezera.

Kuholo kunabwera anthu ochepa. Akuluakulu anatumiza owaimira. Sarudzai anakhala kutsogolo, mtima ukugunda, mawu ali okonzeka pamilomo, akudziuza kuti mphamvu zafika ndipo ulendo uno akuzikhulupirira ndithu. Wapampando anawerenga zimene komiti inagwirizana, anati zinthu zabwerera mwakale m'dera lonse, n'kupempha abusa kuti atseke ndi pemphero. Dzina lake silinatchulidwe. Anakweza dzanja, anaimirira n'kuimirira, koma anthu anali atatseka kale maso.

Anafika kunyumba thupi lidakali lotentha, mawu onse ali m'kamwa. Desmond anafunsa kuti zayenda bwanji, ndipo atamuona nkhope sanafunsenso. Sarudzai anavula nsapato zake za kutchalitchi, anatunga madzi m'ndowa, n'kutenga burashi ndi sopo. Khoma la utsi lija analikwecha kuyambira pamwamba, akuyankhula mokweza m'Chizulu, kulifunsa kuti ndani adzawateteza anthu a misewu inayo apolisi akadzapita. Mayi Lena, amene ankaanula zovala panja, anaima n'kumvetsera mpaka kumapeto, kenako anasuzumira pakhomo n'kunena kuti Lachinayi amayi a mpingo wawo amakumana, ndipo amabwera ambiri, a misewu yonse, choncho adzakanene zimenezi kumeneko.

Sarudzai anaviika burashi m'ndowa.

"Ambiri bwanji?" anafunsa.